Fayilo imodzi ya Excel, mayankho atatu osiyana

Madzulo a pa 18 Sepitembala 2008, patangopita masiku atatu banki yaikulu ya ku Amereka ya Lehman Brothers itagwa, maloya a kampani ya Cleary Gottlieb mumzinda wa New York analandira fayilo ya Excel. Iwo ankaimira banki ya Barclays, yomwe inkagula mbali ina ya bizinesi ya Lehman, ndipo fayiloyo inali mndandanda wa makontirakiti amene Barclays inavomera kutenga. Inali ndi mizere pafupifupi 1,000 ndipo inkafunika kufika kukhoti usiku womwewo. Loya wachinyamata anapatsidwa ntchito yooneka yopepuka: aikonze kuti iziwerengeka bwino, kenako isinthidwe kukhala PDF. Iye anakulitsa mizere yonse nthawi imodzi kuti mawu asadukire. Chimene sankadziwa n'chakuti mizere ina inali yobisika, ndipo inabisidwa dala chifukwa munali makontirakiti amene Barclays sinkawafuna. Pokulitsa mizere paja, yobisikayo inatulukira poyera n'kulowa mu PDF pamodzi ndi ina yonse. Makontirakiti 179 osafunika analowa m'chikalata cha kukhoti, ndipo izi zinadziwika pa 1 Okutobala. Maloyawo anachita kubwerera kukhoti kukapempha kuti awachotse.

Palibe amene ananama pamenepa, ndipo kompyuta sinawonongeke. Amene anatumiza fayilo ankaona mndandanda wolondola pa sikirini yake, koma fayilo yeniyeniyo inali ndi zambiri kuposa zimene iye ankaona. Vuto lonse la masipuredishiti otumizidwa lagona pamenepa. Munthu amawerenga maonekedwe a tsamba: mitu yakuda bii, timabokosi tophatikizidwa, mzere wa chiwerengero chonse pansi. Pulogalamu imene ikulandira fayiloyo, kaya ndi sisitimu ya kulikulu kapena ya akawunti, ilibe nawo ntchito maonekedwewo. Imatenga kabokosi kalikonse pakokha n'kuwerenga zimene zilimo, kobisika ndi koonekera komwe. Zinthu ziwirizi zikasiyana, kawirikawiri sipamakhala chenjezo lililonse. Pamangotuluka nambala yooneka bwinobwino, anthu n'kuyamba kuikambirana pamsonkhano.

Kuti tione mmene izi zimachitikira, tiyerekeze kopaletivi yaing'ono yogula soya kwa alimi a m'makalabu atatu. Ndachepetsa dala alimiwo kuti aliyense athe kuwerengera ndi pensulo. Mlembi amalemba mlimi aliyense pamzere wake, kuyambira mzere 2 mpaka 13. Danga A ndi la kalabu, B ndi la nambala ya mlimi, C ndi la makilogalamu, D ndi la tsiku, ndipo E ndi la ndalama zoti mlimi alandire. Alimi anayi a kalabu A anabweretsa makilogalamu 500, 350, 400 ndi 250. A kalabu B anabweretsa 300, 450, 200 ndi 550, koma soya wa makilogalamu 200 uja anabwezedwa chifukwa anali wosauma bwino. A kalabu C anabweretsa 600, 150, 250 ndi 400. Mukaphatikiza soya wolandiridwa yekha mupeza 1,500 ku A, 1,300 ku B ndi 1,400 ku C, onse pamodzi makilogalamu 4,200. Woyang'anira nyumba yosungiramo katundu akawerenga matumba a makilogalamu 50 apeza 84, ndipo zikugwirizana.

Koma pansi pa tsamba la mlembi, m'kabokosi C14, palembedwa 3,750. Ndipo fayilo yomweyo italowetsedwa mu sisitimu ya kulikulu, lipoti likunena kuti kopaletiviyo yagula makilogalamu 7,900, pomwe kalabu A yangobweretsa 500, B 300 ndipo C 600. Soya yemweyo wapeza mayankho atatu, ndipo wapampando akufuna kudziwa amene waba.

Tiyambe ndi makalabuwo. Mlembi, pofuna kuti tsamba lioneke laudongo, anaphatikiza timabokosi A2 mpaka A5 kukhala kabokosi kamodzi kakakulu pogwiritsa ntchito batani la Merge & Center, n'kulemba dzina la kalabu kamodzi kokha pakati. Munthu akaona amamva msanga kuti alimi anayi onsewo ndi a kalabu A. Koma Excel siisunga dzinalo kanayi. Imalisunga m'kabokosi koyamba kokha, ka pamwamba kumanzere, ndipo totsalato timakhala topanda kanthu, tangophimbidwa. Sisitimu ya kulikulu ikamawerenga mzere 2 imapeza kalabu A ndi makilogalamu 500. Ikafika mzere 3 imapeza makilogalamu 350 opanda kalabu. N'chimodzimodzi mzere 4 ndi 5. Ndiye chifukwa chake kalabu iliyonse yangotsala ndi mlimi wake woyamba, ndipo ena onse aunjikidwa m'gulu lopanda dzina, lomwe pa PivotTable limaoneka ngati `(blank)`. Malipoti ena gulu limeneli saliwonetsa n'komwe, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amasokonezeka kwambiri, chifukwa makilogalamu amangosowa osasiya chizindikiro.

Pali njira yosavuta yoonera fayilo mmene makina amaionera. Sungani kope la tsambalo ngati CSV, kenako mulitsegule ndi Notepad, osati Excel. Madanga atatu oyamba adzaoneka chonchi:

```
A,1,500
,2,350
,3,400
,4,250
B,5,300
```

Mzere woyamba ndi koma ndiwo mzere wopanda kalabu. Timabokosi tophatikizidwa timadziulula m'njira zinanso. Mukasefa dangalo ndi Filter kuti muone kalabu A yokha, pamatuluka mzere umodzi m'malo mwa inayi. Mukayesa kusanja mizere ndi Sort, Excel kawirikawiri imakana, n'kunena kuti timabokosi tophatikizidwa tonse tikhale tofanana kukula.

Kukonza kwake sikufuna kulemba dzina lililonse pamanja, ngakhale mizere itakhala 2,000. Sankhani danga A kuyambira mzere woyamba wa alimi mpaka wotsiriza, mudine Unmerge Cells. Timabokosi topanda kanthu tija tidzaonekera. Musanachotse chisankhocho, dinani F5, kenako Special, kenako Blanks, kuti musankhe topanda kanthu tokha. Lembani chizindikiro cha `=`, mudine kamuvi koloza m'mwamba, kenako Ctrl ndi Enter pamodzi. Kabokosi kalikonse kadzatenga dzina la komwe kali pamwamba pake. Pomaliza koperani dangalo n'kulimatanso pomwepo ndi Paste Special, Values, kuti mayinawo akhale mawu enieni osati mafomula. Chosamala ndi chimodzi: ngati panali mlimi amene mlembi sanamulembere kalabu chifukwa sankaidziwa, njirayi idzamupatsa kalabu ya mnzake wa pamwamba, choncho yang'anani zimenezi musanayambe.

Sindikunena kuti kuphatikiza timabokosi ndi tchimo. Pa pepala lopachika pakhoma la ofesi kuti alimi aziwerenga, dzina la kalabu lolembedwa kamodzi ndi labwino kuposa lobwerezedwa kanayi. Cholakwika ndi kugwiritsa ntchito tsamba limodzi pa ntchito ziwiri, yosindikiza ndi yowerengera. Mlembi wochenjera amakhala ndi tsamba la manambala okhaokha, mutu umodzi pamwamba, mzere uliwonse wodzaza wokha, ndipo lipoti lokongola amalipanga patsamba lina lotenga manambala kuchokera pa loyambalo.

Nanga 7,900 yachokera kuti? Mzere 14 uja, wa chiwerengero chonse, munthu amaudziwa kuti si mlimi chifukwa uli pansi ndipo ndi wakuda. Sisitimu inauwerenga ngati mlimi wa nambala 13 amene wabweretsa makilogalamu 3,750. Manambala amene inatha kuwerenga m'mizere ya alimi anakwana 4,150, ndipo ikaonjezapo 3,750 imapeza 7,900. Chizindikiro chake n'chodziwika: chiwerengero cha kulikulu chikakhala pafupifupi kawiri cha chimene mumayembekezera, fufuzani mzere wa chiwerengero chonse umene unakwera nawo.

Mzere umene unabisidwa

Tsopano tibwere pa 3,750. Soya wa makilogalamu 200 atabwezedwa, mlembi sanafune kufufuta mzere 8 poopa kuti mlimiyo angadzabwerenso atamuumitsa. Anangodina Hide, mzerewo n'kuzimiririka. Kwa iye nkhani inathera pomwepo. Koma kubisa mzere kuli ngati kuphimba thumba ndi chitenje lili pasikelo: inu simukuliona, sikelo ikuliyezabe. Fomula ya SUM imawerenga mizere yobisika mofanana ndi yoonekera. Mukakopera mizere 2 mpaka 13 n'kukaimata kwina, mzere 8 umapita nawo, pokhapokha mutayamba mwasankha zooneka zokha podina Alt ndi `;` pamodzi. Mukasunga tsambalo ngati CSV, mzere 8 umatulukamo ngati wina aliyense, opanda chosonyeza kuti unali wobisika. Izi ndi zimene zinagwetsa maloya a Barclays aja.

Mzere wobisika umaoneka pa manambala a kumanzere kwa tsamba. Ngati akuchoka pa 7 n'kulumphira pa 9, pali china pakatipo. Madanga nawo n'chimodzimodzi, zilembo zikachoka pa C n'kufika pa E. Pafayilo yaitali maso amatopa, ndiye ndi bwino kufunsa Excel yomwe. Lembani mafomula awiri awa m'timabokosi tapadera:

```
=SUM(C2:C13)
=SUBTOTAL(109,C2:C13)
```

Yoyamba imaphatikiza zonse. Yachiwiri, chifukwa cha nambala 109 ija, imadumpha mizere yobisika. Pafayilo yathu yoyamba ipereka 4,150 ndipo yachiwiri 3,950. Kusiyana kwa 200 ndiko kulemera kwa zimene zabisika. Akafanana, ndiye kuti m'dangalo mulibe nambala yobisika.

Njira yabwino yosungira soya wobwezedwa si kubisa mzere ayi, koma kuwonjezera danga F lofunsa ngati soya walandiridwa, n'kulembamo "inde" kapena "ayi" pamzere uliwonse. Chigamulo cha mlembi chimakhala cholembedwa m'kabokosi, pomwe makina alionse angachiwerenge, m'malo mokhala m'maonekedwe a tsamba. N'chimodzimodzinso ndi chizolowezi chopaka mzere utoto wofiira kutanthauza kuti "uyu musamuwerengere". Utotowo umathera pa sikirini yanu. CSV siinyamula mitundu.

Tsamba lathunthu likhozanso kubisika, ndipo apa mavuto ake ndi a mitundu iwiri. Woyamba ndi kutumiza zimene simunafune kutumiza. Pa 8 Ogasiti 2023, apolisi a ku Northern Ireland anayankha munthu amene anapempha, motsatira lamulo la ufulu wopeza uthenga, kuti adziwe kuchuluka kwa apolisi ndi ogwira ntchito pa udindo uliwonse. Yankho linali tebulo laling'ono la manambala. Koma m'fayilo yomweyo munatsalira tsamba limene manambalawo anachokera, lomwe onse amene anaiyang'ana isanatuluke sanalione. Munali mayina a makolo, zilembo zoyamba za mayina, maudindo ndi malo ogwirira ntchito a anthu onse 9,483. Fayiloyo inakhala pa intaneti maola ochepa chabe, koma kumeneko apolisi ambiri amabisa ntchito yawo ngakhale kwa oyandikana nawo nyumba poopa magulu a zigawenga. Mu Okutobala 2024 bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku Britain linalipiritsa apolisiwo chindapusa cha mapaundi 750,000.

Vuto lachiwiri ndi limene limasokoneza mawerengero. Pafayilo ya kopaletivi yathu, tinene kuti amene anaipanga chaka chatha anaika mtengo wa soya patsamba lina lotchedwa Mitengo, n'kulibisa kuti anthu asamaligwiregwire. Danga la ndalama limatenga mtengo kumeneko:

```
=C2*Mitengo!$B$2
```

Chaka chino komiti yagwirizana K1,000 pa kilogalamu, ndipo mlembi walemba mtengowo pamwamba pa tsamba loonekera ndi zilembo zazikulu. Koma patsamba lobisika pakadali K800 ya chaka chatha, ndipo fomula ikutsata imeneyo. Pa makilogalamu 4,200, alimi aperewedwa K840,000, pomwe aliyense woyang'ana tsambalo akuona K1,000 italembedwa poyera. Amene angazindikire ndi mlimi yekhayo amene wachulukitsa 500 ndi 1,000 pafoni yake n'kufunsa chifukwa chake akumupatsa K400,000.

Kuti muone masamba obisika, dinani batani lakumanja la mausi pa dzina la tsamba lililonse pansi, musankhe Unhide. Ngati Unhide ndi yotuwa, yosadinika, ambiri amaganiza kuti palibe chobisika. Si nthawi zonse. Excel ili ndi kabisidwe kachiwiri kotchedwa `xlSheetVeryHidden`, komwe sikaoneka pamndandanda wa Unhide. Kameneka mumakaona podina Alt ndi F11 pamodzi, pomwe kumanzere kumatuluka mayina a masamba onse a m'fayiloyo. Palinso File, Info, Check for Issues, Inspect Document, yomwe imakuuzani kuchuluka kwa mizere, madanga ndi masamba obisika. Koma musathamangire batani lake la Remove All, pa chifukwa chimene tikuchiona posachedwapa.

Chinanso chimene anthu sachiganizira: mapulogalamu ambiri olandira fayilo amawerenga tsamba loyamba lokha ngati sanauzidwe dzina la tsamba lofunika, ndipo ena safunsa ngati loyambalo ndi lobisika. Ngati munabisa tsamba la chaka chatha koma lidakali koyambirira, ku likulu akhoza kumasanthula manambala a chaka chatha inu muli phee.

Fomula yothyoka mofuula ndi yothyoka mwakachetechete

Tinene kuti mlembi wamva kuti masamba obisika ndi oopsa, ndiye asanatumize fayilo watulutsa tsamba la Mitengo n'kulifufuta. Nthawi yomweyo danga lonse la ndalama lidzadzaza ndi `#REF!`, chifukwa fomula ikuloza malo amene kulibenso. Fomula ija tsopano ikuoneka chonchi:

```
=C2*#REF!$B$2
```

Kabokosi kamodzi kokha kokhala ndi `#REF!` kamawononganso SUM iliyonse imene ikukawerengera. Ku sisitimu yolandira, kabokosi kotere kamafika ngati mawu kapena ngati kopanda kanthu, ndipo ena amakana fayilo yonse. N'zokwiyitsa, komabe ine ndimaona kuti fomula yofuula chonchi ndi yabwino, chifukwa palibe amene angalipire mlimi `#REF!` kwacha. Ndondomeko yoyenera ndi kuyamba mwasandutsa mafomula kukhala manambala enieni ndi Paste Special, Values, pa kope la fayiloyo, kenako n'kufufuta tsamba losafunikalo.

Choopsa ndi mankhwala amene anthu amathira pa kufuulako. Pamzere 12, mlembi analemba "250 kg" m'malo mwa 250 yokha. Kwa Excel amenewo ndi mawu, si nambala, ndiye kuwachulukitsa ndi mtengo kunatulutsa `#VALUE!`. Wina wodziwa Excel pang'ono anabwera n'kukulunga danga lonse mu IFERROR:

```
=IFERROR(C12*Mitengo!$B$2,0)
```

Tanthauzo lake n'lakuti pakakhala vuto lililonse, palembedwe ziro. Tsamba layera, ndipo mlimi wa makilogalamu 250 walembedwa kuti alandira K0. Tsamba la Mitengo likadzafufutidwa, alimi onse adzalandira ziro, opanda `#REF!` ndi mmodzi yemwe woti achenjeze munthu. IFERROR ili ndi malo ake, koma kuikapo ziro pa danga la ndalama ndi kutseka pakamwa mboni yokhayo imene inaona cholakwa.

SUM nayo, ikapeza mawu pakati pa manambala, siidandaula. Imangowadumpha. Ndiye makilogalamu 250 aja sanalowe mu 3,750. Nambala imene yasanduka mawu imakonda kutsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe manambala enieni amatsamira kumanja, koma ngati wina anaika zonse pakati, chizindikirochi chimafafanizika. Yesani chonchi:

```
=COUNT(C2:C13)
=COUNTA(C2:C13)
```

COUNT imawerenga timabokosi ta manambala tokha, COUNTA imawerenga tonse tokhala ndi kanthu. Pafayilo yathu zipereka 11 ndi 12, kusonyeza kuti kabokosi kamodzi kali ndi chinachake chimene si nambala.

Chotsala ndi mzere 13. Mlimi wa makilogalamu 400 anabwera mochedwa, mlembi atamaliza kale kulemba fomula ya chiwerengero chonse. Anamulowetsera mzere watsopano pamwamba penipeni pa chiwerengerocho. Nthawi zina Excel imatalikitsa yokha fomula zikatere, nthawi zina ayi, ndipo apa fomula inatsala ili `=SUM(C2:C12)`. Excel imaika kachizindikiro kobiriwira pakona ya kabokosi kochenjeza kuti fomula yasiya manambala oyandikana nawo, koma ndi angati amene amatiyang'ana timakona timeneti?

Cholakwa chomwechi chinagwera akatswiri awiri otchuka a zachuma, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff. Mu 2010 anatulutsa kafukufuku wonena kuti m'mayiko olemera, ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pachaka, chumacho chimasiya kukula, ndipo pa avereji chimatsika ndi 0.1 peresenti. Andale ku Amereka ndi ku Ulaya anagwiritsa ntchito zimenezi poikira kumbuyo kudula ndalama zimene boma limawononga. Mu 2013 Thomas Herndon, wophunzira pa yunivesite ya Massachusetts Amherst, atalephera kupeza yankho lomwelo, anapempha fayilo yeniyeni ya Excel ndipo anapatsidwa. Fomula ya avereji inkayambira mzere 30 n'kuthera pa 44, pomwe mayiko ankafika mzere 49. Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark anatsala kunja. Herndon ndi aphunzitsi ake Michael Ash ndi Robert Pollin atawerengeranso anapeza kukula kwa 2.2 peresenti. Kunena zoona, fomulayo inali mbali yaing'ono chabe ya kusiyanako. Zambiri zinachokera ku zaka zimene zinasiyidwa ndi kaphatikizidwe ka mayiko. Koma taonani kuti zaka zitatu zinadutsa anthu akuwerenga nambala ya pamapeto, ndipo cholakwacho chinaoneka pokhapokha munthu atadina kabokosi n'kuona fomula. Pa Excel, kudina Show Formulas pansi pa Formulas kumaonetsa mafomula onse a tsamba nthawi imodzi. Pamenepo mumaonanso malo amene wina anafufuta fomula n'kulembapo nambala pamanja.

Tsopano 3,750 yamveka. Pa makilogalamu 4,200 enieni, mzere wobisika unawonjezera 200, mawu a "250 kg" anachotsa 250, ndipo fomula yaifupi inachotsa 400. Zolakwa zitatuzi zinakokerana mbali zosiyana n'kusiya kupelewera kwa 450, nambala yomwe siili pamzere wa cholakwa chilichonse. Choipa kwambiri n'chakuti pamzere 7 pali mlimi wa kalabu B amene anabweretsadi makilogalamu 450, ndipo wofufuza mwachangu akhoza kuganiza kuti vuto lili pa iyeyo, pomwe mzere wake ndi wolondola.

Pali chinthu chinanso chimene chimachitika pokhapokha fayilo ikachoka m'manja mwanu. Fayilo ya Excel imasunga zinthu ziwiri pa kabokosi ka fomula: fomulayo, ndi yankho limene inapeza nthawi yomaliza imene inawerengera. Masisitimu ambiri olandira sawerengeranso. Amangotenga yankho losungidwalo. Ngati Calculation Options inasinthidwa kuchoka pa Automatic kupita pa Manual, zomwe anthu amachita pa mafayilo akuluakulu ochedwa kutseguka, mukhoza kusintha makilogalamu koma ndalama osasintha. Kudina F9 kumaikakamiza kuwerengera. N'chimodzimodzi fomula yotenga mtengo kuchokera ku fayilo ina ya pa kompyuta ya mlembi: kwa wolandira fayilo inayo kulibe, ndiye amaona yankho lakale, kapena cholakwa, kutengera pulogalamu imene watsegulira.

Kufika kwake muziyeza

Ngakhale fayilo itakhala yoyera, ikhoza kutaya mizere panjira. Pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala 2020, anthu 15,841 opezeka ndi matenda a COVID-19 ku Mangalande sanalowe m'chiwerengero cha tsiku ndi tsiku. Malabu ankatumiza zotsatira mu CSV, ndipo bungwe la Public Health England linkazilowetsa m'mafayilo a Excel a mtundu wakale wa XLS, womwe umathera pa mizere 65,536, pomwe XLSX imafika 1,048,576. Mizere yopitirira malirewo inkangotsala. Odwalawo anauzidwa zotsatira zawo, koma kufufuza anthu amene anakhudzana nawo kunachedwa masiku angapo. Kuyerekeza kuchuluka kwa mizere yotumizidwa ndi yolandiridwa kukanaonetsa vutoli tsiku loyamba.

Ndiye pofuna kutumiza fayilo ya soya ija, mlembi ayambe ndi kope, fayilo yake yogwirira ntchito aisiye mmene ilili. Pa kopelo atulutse zobisika zonse, amasule timabokosi tophatikizidwa n'kudzaza mayina a makalabu, akonze "250 kg" kukhala 250, awonjezere danga F la "inde" ndi "ayi", ndiponso akonze mtengo patsamba la Mitengo. Asanasandutse mafomula kukhala manambala, ayese komaliza:

```
=SUMIFS(C2:C13,F2:F13,"inde")
```

Ikapereka 4,200, zagwirizana ndi matumba 84. Kenako amate manambala enieni patsamba limodzi la fayilo yatsopano, mutu umodzi pamwamba, opanda mzere wa chiwerengero chonse pansi. Ngati pali danga la manambala a foni, aliike kukhala Text asanamate, apo ayi ziro yoyamba ya 088 kapena 099 idzagwa ndipo malipiro a pafoni adzakanika.

Chiwerengero chonse chija asachitaye, koma achilembe mu uthenga woperekeza fayiloyo: mizere ya alimi ndi 12, wobwezedwa ndi mmodzi, makilogalamu olandiridwa ndi 4,200, ndalama zolipira ndi K4,200,000, makalabu ndi atatu. Wolandira ku likulu, asanayambe kusanthula chilichonse, afunse sisitimu yake mafunso omwewo. Ikanena kuti mizere ndi 13, mzere wa chiwerengero chonse wakwera nawo. Ikanena kuti makalabu ndi anayi, lachinayilo ndi gulu lopanda dzina lochokera ku timabokosi tophatikizidwa. Ikanena makilogalamu 4,400, ndiye kuti sinawerenge danga F, ndipo soya wobwezedwa uja walowanso m'chiwerengero.